Chifukwa chake zovala zoyanika m'nyumba zimanunkha m'dzinja

 Lero tikambirane nkhani ya pakhomo imene imatichititsa manyazi pagulu: chovala chochapa bwino, ndi sopo wogula ndi ndalama, koma chikununkha ngati sichinaone madzi.

Nonse mukulidziwa fungo limeneli. Limabwera mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ikamangirira masiku atatu kapena anayi dzuwa osaoneka. Mayi achapa yunifolomu ya mwana Lamlungu masana, mvumbi wayamba, amanga chingwe kuchipinda. Lolemba m'mawa malaya aja auma ndithu, koma mwana akangovala n'kuyenda pang'ono, fungo lija latuluka. Kusukulu anzake ayamba kumutalikira pabenchi. Kunyumba mlandu ugwera wochapa, kuti ndi waulesi kapena amaumira sopo. Ine ndikufuna ndiwaikire kumbuyo amayi ndi atsikana amene amanenedwa chonchi, chifukwa nthawi zambiri vuto silikhala m'manja mwa wochapa. Vuto limakhala kutalika kwa nthawi imene chovala chakhala chonyowa.

Tiyambe ndi chimene chimanunkhacho. Si madzi, pakuti madzi oyera alibe fungo. Pathupi la munthu aliyense, ngakhale wosamba kawiri patsiku, pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya. Tikavala chovala, tizilomboti timasamukira mu ulusi wa nsalu pamodzi ndi thukuta ndi mafuta a pakhungu. Kuchapa ndi madzi ozizira a pamjigo kumachotsa litsiro lambiri, koma sikuchotsa mafuta onse ndipo sikupha tizilombo tonse. Totsalato timafuna zinthu zitatu kuti tiswane: chakudya, kufunda ndi chinyontho. Chakudya chilipo, ndi mafuta otsalira aja. Kufunda kulipo, chifukwa dzinja lathu si lozizira. Chimene chimasowa m'chilimwe ndi chinyontho chokha. Mu Okutobala mukayanika malaya, ola limodzi kapena awiri auma, tizilombo tisanayambe n'komwe ntchito. M'dzinja malaya omwewo akhala onyowa usiku wonse ndi tsiku lotsatira, ndipo nthawi yonseyo tizilombo tikudya ndi kuchulukana. Zimene timatulutsa tikadya ndizo zimanunkha.

Nkhaniyi inafufuzidwa bwino ku Japan, dziko limene lili ndi nyengo yake ya mvula yosalekeza ndipo anthu ambiri amayanika zovala m'nyumba. M'chaka cha 2012 akatswiri a kampani yopanga sopo ya Kao anasindikiza zimene anapeza: kuti kachilombo kotchedwa Moraxella osloensis ndiko kamayambitsa kwambiri fungoli, ndipo kamatulutsa asidi wina amene mphuno ya munthu imamumva ngakhale atachepa kwambiri. Dzinalo musavutike kulisunga. Musunge chinthu china chimene anapeza, chakuti kachilomboka n'kolimba: sikafa msanga chovala chikauma, ndipo kamapirira ndithu kuwala kwa dzuwa. Apa ndi pamene pali yankho la funso limene ambiri amafunsa, lakuti bwanji thaulo limaoneka labwinobwino likauma koma mukangodzipukutira fungo labwerera. Tizilombo sitinachoke, tinangogona. Madzi a pathupi panu atidzutsa, ndipo chinyonthocho chatulutsanso fungo limene linabisala mu ulusi.

Pali fungo lachiwiri limene tiyenera kulisiyanitsa ndi loyambali, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana pang'ono. Ili ndi la chuku. La mabakiteriya limakhala lowawasa, la chisanza chopukutira mbale, ndipo limayamba m'maola ochepa, chovala chikuoneka choyera. La chuku limamveka ngati dothi la m'nyumba yotsekedwa nthawi yaitali, limatenga tsiku limodzi, awiri kapena kuposerapo, ndipo limasiya chizindikiro: timadontho takuda kapena totuwa pakolala, m'mphepete mwa thaulo, pansapato za chikopa, kapena pazovala za pansi pa sutikesi. Mukaona timadontho timeneti, dziwani kuti nkhani si ya chovala chokha. Chipinda chonse chili ndi chinyontho, ndipo ngati m'nyumbamo muli munthu wa mphumu kapena khanda, ndi amene ayambe kuvutika ndi chifuwa.

Tsopano tilowe m'chipinda chenicheni kuti tione chifukwa chake zovala zimakana kuuma. Tiyerekeze chipinda chogona cha nyumba ya njerwa yofolera malata, mamita 3 m'litali, mamita 3 m'lifupi, ndi mamita awiri ndi theka kufika kudenga. Chovala chimauma chifukwa mpweya wochizungulira ukutenga madzi ake. Koma mpweya uli ndi malire. Pa kutentha kwa madigiri 20, mpweya wodzaza chipinda chimenechi sungasenze madzi oposa magalamu pafupifupi 390. Amenewo ndi madzi osakwana theka la lita. Ndipo tsiku la mvumbi mpweyawo umakhala utasenza kale. Tinene kuti wadzaza magawo 90 pa 100 alionse. Malo amene atsala ndi a magalamu ngati 40 basi, masupuni aakulu atatu.

Nanga mayi aja alowetsa madzi ochuluka bwanji? Nsalu ya thonje yofinya ndi manja imasunga madzi olemera mofanana ndi iyo yomwe, mwinanso kuposa. Ngati achapa mayunifolomu awiri, jinzi ya bambo, zitenje ziwiri, thaulo ndi matewera, zonse pamodzi zolemera makilogalamu 3 zili zouma, ndiye kuti pachingwe papachikidwa malita 3 a madzi. Malita 3 m'chipinda chimene chili ndi malo a masupuni atatu. Akatseka zenera ndi chitseko poopa udzudzu ndi mphepo, mpweya umakhuta m'kanthawi kochepa, kuuma kumatsala pang'ono kuima. Madzi ochepa amene achokabe m'zovala amalowa m'khoma, m'matiresi, m'bulangete ndi m'zovala zouma za pamsomali, kapena amasanduka madontho pansi pa malata m'bandakucha. Kuti malita atatuwo atuluke, mpweya wa m'chipindamo uyenera kusinthika ndi wakunja maulendo pafupifupi 80. Izi sizingachitike podalira kampata ka pansi pa chitseko.

Inu alimi a fodya wa bale kuno kwa Mfumu Yaikulu Zulu ku Mchinji mukuidziwa nkhaniyi kuposa ine. Chigafa chilibe makoma, ndipo simunachisiye chotero chifukwa chosowa njerwa. Mukudziwa kuti mukathithikiza mikangala mvula ili mkati, fodya sauma, amaola ndi kuchita chuku. Amafuna denga pamwamba, mpata pakati, ndi mphepo yodutsa. Zovala zikufuna zomwezo. Choncho malo abwino oyanikapo mvula ikugwa si kuchipinda ayi, koma pakhonde, pansi pa chidenga chilichonse chopanda makoma, kapena m'chigafa momwemo ngati mulibe fodya. Mpweya wakunja ngakhale uli ndi chinyontho, umayenda, ndipo mpweya woyenda umaumitsa kuposa mpweya wofunda umene wangoima.

Ngati khonde palibe, kapena mukuopa akuba, sankhani chipinda chimene chili ndi zenera ndi chitseko zoyang'anana, mutsegule zonse ziwiri masana onse, chingwe chidutse m'njira ya mphepoyo. M'nyumba ya malata mangani chingwe m'mwamba, chifukwa dzuwa likangotulukako pang'ono malata amatentha msanga, ndipo mpweya wotentha umasenza madzi ambiri. Mpweya umene pa madigiri 20 unali pafupi kukhuta, ukafika pa madigiri 30 umakhala utangodzaza theka. Koma kutentha kokha zenera lili lotseka sikuthandiza, chifukwa madziwo alibe kolowera, ndiponso tizilombo timakondwa m'malo ofunda ndi onyowa. Amene muli ndi magetsi kapena kafani ka sola, kalozetseni pazovala, osati pa inu. Kafani kakang'ono kamadula maola ambiri.

Kayanikidwe nakonso kali ndi luso lake. Ambirife timaponya chovala pachingwe chopindika pakati, mbali ziwiri zitagundana, ndipo mkatimo simulowa mphepo. Malaya apachikeni pahang'ala kapena pakamtengo kosalala kuti kutsogolo ndi kumbuyo kutalikirane. Thalauza ndi jinzi zitembenuzeni, matumba atuluke kunja, chifukwa fungo limayambira m'malo okhuthala: m'chiuno, m'matumba, m'khwapa, pakolala. Thaulo ndi bulangete muziyanike pazingwe ziwiri zoyandikana kuti pansi pake pakhale mpata. Pakati pa chovala ndi chinzake pazilowa dzanja lotambasula. Ndipo pakapita maola angapo mutembenuze, cha pakati chipite kumapeto. Ngati chingwe sichikukwana, musathithikize. Chepetsani zochapa.

Apa ndi pamene ndikufuna nditsutse chizolowezi chathu chosunga zovala sabata yonse kuti tidzachape tsiku limodzi. M'chilimwe chilibe vuto. M'dzinja chimalakwitsa kawiri. Choyamba, mulu waukulu ndiwo malita atatu aja. Chachiwiri, zovala zobwera nazo kumunda zonyowa ndi mame, thukuta ndi mvula, zikaunjikidwa pakona kapena m'thumba masiku asanu, tizilombo timakhala titaswana kale zisanafike m'beseni. Jekete la mnyamata wa kabaza amene wanyowa pamsewu wa ku Lilongwe, likaponyedwa pampando usiku, m'mawa layamba kale kununkha. Chovala chonyowa chimene simuchapa lero chiyanikeni kaye chiume chili chakuda chomwecho. Ndipo chapani pang'onopang'ono, zofunika zokha, masiku awiri kapena atatu alionse. Mabulangete ndi majinzi osafunika msanga adikire tsiku la dzuwa.

Nthawi yochapira nayo ndi nkhani. Masiku ambiri a dzinja kumacha bwino, mitambo n'kusonkhana masana, mvula n'kugwa chakumadzulo. Ndiye kuti maola a dzuwa ali m'mawa. Ndikudziwa kuti m'mawa womwewo ndi wa kumunda, kupalira ndi kubandira sikudikira, ndipo mayi amene wachokera kumunda dzuwa lili pamutu ndiye amayamba kutunga madzi, kuphika, kenako kuchapa. Zovala zimafika pachingwe mvula ili pafupi, n'kugona usiku wonse zonyowa, pamene usiku ndi m'bandakucha ndi nthawi imene mpweya umakhala ndi chinyontho chambiri. Pamenepa abambo ndi anyamata a pakhomo mutha kuthandiza. Madzi akatungidwa madzulo, zovala zochepa zitha kuchapidwa m'mamawa anthu asananyamule makasu, ndipo wotsala pakhomo n'kuzianulira pakhonde mitambo ikada. Maola atatu a dzuwa ndi mphepo amachotsa madzi ambiri, moti zotsalazo khonde limamaliza.

Musanayanike, finyani kwambiri. Madzi amene mwawachotsa ndi manja ndi madzi amene mpweya sudzavutika nawo. Chitenje, thaulo ndi bulangete muzifinye anthu awiri, wina uku wina uko. Yunifolomu yofunika mawa muiyale pa thaulo louma kapena chitenje chouma, muikulunge ngati mphasa, n'kuiponda kapena kuipotokola. Thaulolo limamwa madzi ambiri, ndipo malaya amatuluka ali achinyezi chabe. Kungoti thaulo lija nalonso mulipezere malo a mphepo.

Tibwerere kubeseni. Fungo likavuta, ambiri amawonjezera sopo waufa, ena amathira mankhwala onunkhiritsa. Sopo wochuluka amavuta kutsukuluza, makamaka pamene madzi ndi osenza pamutu kuchokera kumjigo, ndipo thovu lotsalira limagwira litsiro mu ulusi momwemo. Zonunkhiritsa zimangophimba kwa maola ochepa, kenako mafungo awiri aja amasakanikirana. Thirani sopo wokwanira, tikitani bwino m'khwapa ndi pakolala, ndipo madzi amene muli nawo muwasungire kutsukuluza kawiri, mpaka asiye kuterera. Chinanso ndi kunyika. Kunyika zovala kwa theka la ola kapena ola limodzi kumafewetsa litsiro. Kuzisiya m'ndowa usiku wonse m'madzi a sopo ozizira ndi akuda ndi kuweta tizilombo. Momwemonso zovala zochapa kale zimene zakhala m'beseni kudikira kuti mvula ikate. Ziyanikeni pomwepo, ngakhale pakhonde.

Nanga chovala chimene chagwira kale fungo, chimene mwachichapa katatu koma likubwererabe? Chimenechi chikufuna moto. Tizilombo tija timapirira kuuma, koma sitipirira madzi otentha madigiri 60. Simukusowa choyezera. Kuno ku Mchinji tili pamtunda, madzi amawira asanafike madigiri 100, choncho mukasakaniza muyezo umodzi wa madzi owira ndi muyezo umodzi wa madzi a pamjigo mumafika pafupi ndi 60. Onjezani owirawo pang'ono, chifukwa beseni ndi zovala zimaziziritsa. Ndi madzi oti dzanja silingakhalemo. Vundikirani, zikhale mphindi 20 kapena 30, muvundule ndi mtengo, kenako muchape monga mwa masiku onse. Mathaulo, matewera, zovala zamkati za thonje ndi nsalu zoyera mutha kuziwiritsa ndithu mumphika, monga ankachitira amayi athu ndi matewera. Koma samalani: chitenje chatsopano chimasuluka, juzi yaubweya imafota, ndipo zovala zina za nayiloni za pakaunjika zimakwinyika osawongokanso. Yang'anani kachikwangwani ka pakolala, nambala yolembedwa m'kabeseni ndiyo malire a kutentha kwake. Ndipo beseni la madzi otentha lisakhale pansi pamene pali mwana wokwawa.

Njira ina ya moto ndi simbi. Simbi ya makala kapena ayironi ya magetsi imapha tizilombo ndi kumaliza kuumitsa. Sitani chovala chikadali ndi kachinyezi pang'ono, mudutse mobwereza m'misoko ndi m'chiuno mpaka nthunzi ileke, kenako muchipachike chizizire musanachipinde. Mukachipinda chotentha n'kuchiika m'sutikesi, nthunzi yotsala imasanduka chinyontho momwemo. Kusita kuli ndi phindu linanso m'dzinja. Pali ntchentche imene imaikira mazira padothi ndi pazovala zonyowa, makamaka zoyanika pansi, paudzu kapena pamthunzi, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu n'kutupitsa ngati chithupsa. Simbi yotentha imapha mazirawo. Zovala za ana ndi matewera zisamavalidwe zosasita nyengo ino.

Mankhwala oyeretsera a kulorini, amene ambiri timangowatchula kuti jiki, amapha mabakiteriya ndi chuku, koma ndi a nsalu zoyera zokha, ndipo muyezo wake mutsate umene walembedwa pabotolo. Viniga pang'ono m'madzi otsukuluzira omaliza amathandiza kuchotsa sopo wotsalira ndi kuchepetsa fungo, koma sangalowe m'malo mwa madzi otentha. Chimene musachite konse ndi kusakaniza awiriwa. Jiki ndi viniga akakumana amatulutsa mpweya wapoizoni umene umawotcha maso ndi mapapo. Ndi chifukwa chomwecho matewera muyambe mwawatsuka mkodzo ndi madzi musanawaike m'jiki. Timadontho ta chuku tikakhalitsa pansalu yamitundu nthawi zambiri sitichokanso, ngakhale chukucho chitafa.

Pali chinthu china chimene ndikupempha ndi mtima wonse kuti musachite. Yunifolomu ikakana kuuma usiku, ena amalowetsa mbaula ya makala kuchipinda, kutseka chitseko ndi mazenera kuti kutenthe, n'kugona momwemo. Makala oyaka amatulutsa mpweya wopanda fungo ndi wosaoneka umene umapha munthu ali m'tulo. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi kufooka, ndipo wogona samva n'komwe. Ngati mukufuna kuumitsa ndi mbaula, chitani pakhonde kapena m'khitchini yotseguka, munthu wamkulu ali maso, chovala chili patali ndi moto, makamaka nayiloni amene amasungunuka ndi kuyaka msanga. Moto wa nkhuni umaumitsa, koma umasiya fungo la utsi, ndiye ndi wa zovala za kumunda.

Chatsala ndi kudziwa kuti chovala chaumadi. M'dzinja dzanja limanama, chifukwa nsalu yozizira ndi yachinyezi zimamveka mofanana. Musagwire pakati pa chovala. Gwirani pamene pali pokhuthala, m'chiuno mwa thalauza kapena pamsoko wa m'khwapa, mupagunditse patsaya kapena pamlomo. Pakamveka pozizira kuposa mbali zina, madzi akadalimo. Muthanso kuika chovalacho m'jumbo yoonekera mkati, kumanga, n'kuisiya pofunda kwa mphindi zingapo. Jumbo ikachita nthunzi mkati, chibwezereni pachingwe. Chovala chimodzi chosauma chimanunkhitsa sutikesi yonse.

Sutikesiyo, kapena thumba limene mumasungamo zovala, isakhale pansi pozira kapena pasimenti, ndiponso isagunde khoma limene mvula imawomba, chifukwa njerwa zimamwa madzi n'kuwatulutsira mkati. Ikwezeni pa thabwa kapena panjerwa ziwiri, musiye mpata kukhoma. Tsiku limene dzuwa lawala, ngakhale pakati pa Febuluwale, tsegulani mazenera onse, mutulutse matiresi, mabulangete ndi zovala za m'sutikesi zimene simunavale chiyambire mvula, suti ya kutchalitchi ndi zitenje za paukwati zomwe, ziwombedwe mphepo maola angapo, muzianule dzuwa lisanapendeke.